Uthenga Waufupi wa Chijeremani Woyamikira Mnzako wa Kuntchito Amene Walandira Mwana

Mnzako wa kuntchito akalandira mphatso ya mwana ku Jeremani, ku Austria kapena kumadera a Switzerland olankhula Chijeremani, mwambo wake ndi kumulembera mawu ochepa omufunira zabwino. Uthengawu sukhala wautali. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zimakwana, ndipo zimalembedwa pa khadi, pa imelo kapena pa foni. Chiganizo chimene chimanyamula nkhani yonse ndi ichi:

Herzlichen Glückwunsch zur Geburt eurer Tochter!

Tanthauzo lake ndi lakuti wolemba akupereka mafuno abwino ochokera pansi pa mtima chifukwa cha kubadwa kwa mwana wamkazi wa olandira uthengawo. Munthu amene akungoyamba kuphunzira Chijeremani, kaya ndi namwino kapena wophunzira amene wapita kumeneko, kaya ndi wogwira ntchito ndi Ajeremani m'maofesi a ku Lilongwe, angathe kuchikopera chiganizochi mosavuta. Vuto lake ndi lakuti mawu awiri omalizira amasintha potengera amene akulemberedwa ndiponso mwana amene wabadwa. Wokopera mosadziwa angapezeke kuti wamuyankhula bwana ngati mnzake wosewera naye mpira, kapena wayamikira kubadwa kwa mtsikana kwa makolo amene alandira mnyamata.

Chinthu choyamba kuchisankha ndi mlowam'malo woyenera. Chijeremani chimasiyanitsa du, amene akufanana ndi "iwe", ndi Sie, amene akufanana ndi "inu" waulemu. Kwa wolankhula Chichewa kusiyanitsa kotere si kwachilendo, koma lamulo la m'maofesi a ku Jeremani lili ndi njira yake. Anthu osadziwana amayamba ndi Sie ndi dzina la bambo, ndipo amasinthira ku du ndi dzina loyamba pokhapokha wina akapereka mwayi wotero. Mwamwambo, woyambitsa kusinthaku ndi wamkulu pa udindo kapena pa zaka. Makampani ambiri a masiku ano, makamaka a achinyamata ndi a zamakompyuta, amagwiritsa ntchito du kuyambira tsiku loyamba, pomwe maofesi a boma, mabanki ndi maofesi a maloya amasungabe Sie. Kubadwa kwa mwana sikusintha kalikonse pa zimenezi. Wolemba amatsatira mmene amayankhulirana ndi mnzakeyo tsiku ndi tsiku. Ngati dzulo amamutchula Frau Weber ndi Sie, pa khadi amalembanso chimodzimodzi, ngakhale chimwemwe chitachuluka bwanji. Kulumphira ku du pa khadi kumaoneka ngati kudzithyolera ubwenzi umene sunaperekedwe, ndipo kubwerera ku Sie kwa munthu amene anazolowerana naye kumamveka ngati pali mkwiyo.

Pali kachinthu kena kamene kamasokoneza ophunzira ambiri. Mwana amakhala wa anthu awiri, choncho uthenga nthawi zambiri umapita kwa makolo onse. Poyankhula ndi anthu angapo ozolowerana nawo, du amasanduka ihr, ndipo pamene Chichewa chinganene kuti "kwa inu nonse" pamalembedwa euch. Liwu losonyeza umwini limakhala euer, limene limasintha mathero kukhala eure, eurer kapena eures. Mlowam'malo waulemu alibe vutoli chifukwa Sie, Ihnen ndi Ihr amagwira ntchito kwa munthu mmodzi komanso kwa ambiri. Zikachitika kuti wolemba amanena du kwa mnzake wa kuntchito koma mwamuna kapena mkazi wa mnzakeyo sanamuonepo, njira yotetezeka ndi kulembera mnzakeyo yekha n'kuphatikiza banja lake ndi mawu akuti dir und deiner Familie, kutanthauza iwe ndi banja lako. Mawuwa amathandizanso pamene wolemba sakudziwa bwino za panyumba pa mnzakeyo, mwachitsanzo ngati akulera yekha mwana.

Chachiwiri ndi mwana. Mayina onse a m'Chijeremani ali m'magulu atatu, lachimuna, lachikazi ndi lapakati, ndipo mawu oyandikana nawo amatsatira gululo monga momwe agwirizanitsi a Chichewa amatsatira gulu la dzina. Mwana wamkazi ndi Tochter, mwana wamwamuna ndi Sohn. Pofuna kunena kuti kubadwako ndi "kwa" mwana wakutiwakuti, mawu onse awiri amalowa m'kalembedwe kosonyeza umwini. Kwa mtsikana amalemba zur Geburt eurer Tochter, ndipo kwa mnyamata zur Geburt eures Sohnes. Apa zinthu ziwiri zasintha nthawi imodzi: eurer wasanduka eures, ndipo Sohn walandira -es kumapeto. Mwaulemu zimakhala zur Geburt Ihrer Tochter ndi zur Geburt Ihres Sohnes. Kwa kholo limodzi lozolowerana nalo ndi deiner Tochter kapena deines Sohnes. Mapasa ndi Zwillinge, ndipo amalembedwa zur Geburt eurer Zwillinge kapena Ihrer Zwillinge.

Nthawi zina nkhani imafika mu ofesi mwachidule, kuti uje wachira, popanda wonena ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Kungoganizira sikuthandiza. Chijeremani chili ndi liwu losasankha, Nachwuchs, lotanthauza mbewu yatsopano m'banja, ndipo chiganizo chakuti Herzlichen Glückwunsch zum Nachwuchs! n'chomveka bwino kwa aliyense, kaya ndi wa du kaya ndi wa Sie, chifukwa mulibe mlowam'malo. N'zothekanso kulemba zur Geburt eures Kindes, poti Kind ndi mwana aliyense. Liwu lakuti Mädchen, lotanthauza mtsikana, ndi msampha kwa woyamba kumene chifukwa lili m'gulu lapakati ngakhale likunena za wamkazi, moti limafuna eures osati eurer. Tochter savuta ndipo ndi amene amamveka bwino pa khadi.

Mawu oyambirira, Herzlichen Glückwunsch, sasintha, koma ali ndi mnzake wochulukitsa, Herzliche Glückwünsche. Onse ndi olondola. Cholakwika chimabwera posakaniza, monga kulemba Herzlichen Glückwünsche, kumene Mjeremani aliyense amakuona nthawi yomweyo. Chothandiza kukumbukira n'chakuti -n wa kumathero kwa Herzlichen amayenda ndi liwu lokhala ndi ü mmodzi, ndipo liwu la ma ü awiri limatenga Herzliche wopanda -n. Mperekezi woyenera ndi zu, amene amalumikizana ndi liwu lotsatira kukhala zur pamaso pa Geburt ndi zum pamaso pa Nachwuchs. Ambiri amene anayamba aphunzira zilankhulo zina amaikapo für, ndipo ngakhale wowerenga amamva chimene chikunenedwa, chiganizocho chimatsimphina. Wofuna kugwiritsa ntchito mneni amalemba Ich gratuliere dir, Ich gratuliere euch kapena Ich gratuliere Ihnen. Mneni ameneyu salola dich kapena Sie pambuyo pake.

Chitsanzo chathunthu chingaonetse mmene zigawozi zimalumikizirana. Tiyerekeze kuti mayi wina wa mu ofesi, amene m'chitsanzochi atchedwa Anna, wabereka mtsikana ndipo watumiza uthenga kwa anzake kuti dzina lake ndi Mia. Wolemba amazolowerana naye ndipo mwamuna wake anakumana naye kangapo. Uthenga wake ungakhale wotere:

Liebe Anna,
herzlichen Glückwunsch zur Geburt eurer Tochter! Ich freue mich sehr für euch und wünsche euch eine schöne erste Zeit mit Mia.
Liebe Grüße

Pansi pake pamabwera dzina loyamba la wolemba. Chiganizo chachiwiri chikunena kuti wolemba wakondwa nawo kwambiri ndipo akuwafunira masiku oyamba okoma ndi Mia. Kutchula dzina la mwana ndi kumene kumachotsa uthenga m'gulu la mawu ongokopera, chifukwa kumasonyeza kuti wolemba anawerengadi zimene makolo analengeza. N'chifukwa chake dzinalo liyenera kukopedwa chilembo ndi chilembo. Ku Jeremani mayina ambiri ali ndi kalembedwe kangapo, monga Hanna ndi Hannah, Luis ndi Louis, Sofie ndi Sophie, ndipo makolo amene atha miyezi akusankha dzina amaona msanga likalakwika.

Malonje nawo amatsatira munthu. Kwa mkazi ndi Liebe, kwa mwamuna ndi Lieber, moti bambo amene walandira mwana angalemberedwe kuti Lieber Thomas. Polembera onse awiri, liwulo limabwerezedwa: Liebe Anna, lieber Thomas. Pambuyo pa malonje pamaikidwa mpatuliro, ndipo mzere wotsatira umayamba ndi chilembo chaching'ono chifukwa umatengedwa ngati kupitiriza kwa chiganizo chomwecho. N'chifukwa chake m'chitsanzo chija herzlichen walembedwa ndi h wamng'ono. Mawu otsanzikira sakhala ndi mpatuliro kumapeto, ndipo dzina limangobwera pa mzere wakewake. Ku Switzerland kalembedwe kamasiyana pang'ono, poti ambiri saika mpatuliro pambuyo pa malonje ndipo amayamba mzere wotsatira ndi chilembo chachikulu.

Nkhani yomweyo ikakhala ya mkulu wa dipatimenti amene amatchulidwa ndi Sie, ndipo wabadwa ndi mnyamata, uthenga umavala zina:

Liebe Frau Weber,
herzlichen Glückwunsch zur Geburt Ihres Sohnes! Ich wünsche Ihnen und Ihrer Familie alles Gute und viel Freude.
Herzliche Grüße

Apa wolemba amasaina dzina loyamba ndi la bambo. Malonje akuti Liebe Frau Weber amaphatikiza ulemu ndi chifundo, ndipo ndi oyenera kwa munthu amene umagwira naye ntchito ngakhale simutchulana mayina oyamba. Malonje a m'makalata a boma, Sehr geehrte Frau Weber, ndi ouma kwambiri pa nkhani ya mwana, ndipo amasungidwira munthu amene wolemba sakumudziwa kwenikweni, monga mkulu wa kampani ina. Chimodzimodzi Mit freundlichen Grüßen, amene amatseka makalata a malonda, amazizira pa khadi yachimwemwe. Herzliche Grüße amakwana pa ulemu, pomwe Liebe Grüße ndi wa anthu ozolowerana.

Mu uthenga waulemuwu chilembo chachikulu chili ndi ntchito yeniyeni. Ihres, Ihnen ndi Ihrer ayenera kuyamba ndi I wamkulu paliponse pamene ali m'chiganizo. Akalembedwa ndi i wamng'ono tanthauzo limasintha: ihres Sohnes ndi mwana wa mayi wina kapena wa anthu ena, osati wa wolandira khadiyo. Foni imakonda kusintha zilembozi yokha, choncho n'kofunika kuwerenganso uthenga usanatumizidwe. Za du ndi euch palibe chodetsa nkhawa. Kusintha kwa malamulo a kalembedwe kwa 1996 kunati azilembedwa ndi chilembo chaching'ono, ndipo kuyambira 2006 m'makalata zonse ziwiri n'zololedwa, bola wolemba asasakanize mu uthenga umodzi. Mayina onse, monga Glückwunsch, Geburt, Tochter, Familie ndi Freude, amayamba ndi chilembo chachikulu nthawi zonse.

Timadontho tiwiri ta pamwamba pa ü ndi ö si tokongoletsa, ndi mbali ya chilembocho. Pa foni zilembozi zimatuluka munthu akadina u kapena o n'kugwira kwa kanthawi, ndipo ß amatuluka pogwira s. Ngati makina sakulola, lamulo lake ndi kuwonjezera e: Glueckwunsch, schoene, ndipo ß amalowedwa m'malo ndi ss, moti Grüße amakhala Gruesse. Kungochotsa timadontho n'kulemba Gluckwunsch ndi kulakwitsa. Ku Switzerland ß sagwiritsidwa ntchito n'komwe, ndipo kumeneko amalemba Grüsse.

Nthawi yotumizira ili ndi lamulo limodzi lolimba: mafuno a kubadwa saperekedwa mwana asanabadwe. Ajeremani ambiri amapewa kuyamikira chinthu chisanachitike, ngakhale tsiku lokumbukira kubadwa, ndipo ena amati kutero kumaitana tsoka. Mayi akamatsanzika ku ofesi ali woyembekezera, anzake amamuuza Alles Gute für die Geburt, kumufunira kuti achire bwino, ndipo Glückwunsch zur Geburt amadikira mpaka makolo atalengeza okha. Kudikira kumeneku kuli ndi chifukwa chinanso chomveka. Si mimba yonse imene imatha monga anthu amayembekezera, ndipo khadi yachimwemwe yofika panyumba pamene pali chisoni imapweteka kwambiri. Wolemba asatengere tsiku limene mayiyo anatchula kale. Adikire nkhani yotsimikizika, ndipo akaimva alembe m'masiku ochepa, kapena m'masabata awiri oyamba ngati ndi khadi ya papepala.

Njira yotumizira imadalira malamulo a tchuthi. Ku Jeremani lamulo loteteza amayi, lotchedwa Mutterschutzgesetz, limapatsa mayi masabata 6 opuma asanabereke ndi masabata 8 atabereka, ndipo masabata a pambuyowa amakwana 12 ngati abadwa mapasa kapena mwana wabadwa masiku asanakwane. M'masabata a pambuyo pobereka, wolemba ntchito saloledwa kumugwiritsa ntchito mayiyo. Kuwonjezera apo pali Elternzeit, tchuthi cholerera mwana chimene kholo lililonse, mayi kapena bambo, lingatenge mpaka zaka 3 pa mwana aliyense. Zotsatira zake n'zakuti imelo ya kuntchito ya mayi amene wangobereka imatha kukhala miyezi yosatsegulidwa, ndipo uthenga wotumizidwa kumeneko umangobweza yankho la makina. Ngati makolo analengeza pa foni, yankho limabwerera pa foni pomwepo. Ngati wolemba alibe nambala kapena adiresi ya kunyumba, sayenera kuifunafuna mozemba, chifukwa Ajeremani amasamala kwambiri zachinsinsi za munthu ndipo ofesi yoona za ogwira ntchito kawirikawiri sipereka adiresi kwa wina. Chimene chimachitika n'chakuti khadi imaperekedwa kwa mnzawo wapamtima kapena kwa mkulu wa gulu kuti aitumize. Bambo amene wabwerera kuntchito patangopita masiku ochepa angalemberedwe pa imelo ya ku ofesi kapena kuuzidwa pakamwa.

M'maofesi ambiri khadi imakhala imodzi ya gulu lonse. Imayenda kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina limodzi ndi envulopu ya chopereka, ndipo aliyense amaikamo mwa kufuna kwake ndalama yochepa, monga mayuro 5 kapena 10, yogulira kachovala ka mwana kapena kapepala kogulira zinthu m'sitolo. Mawu aakulu amalemba munthu mmodzi m'dzina la onse, pogwiritsa ntchito wir: Wir freuen uns mit euch, kutanthauza kuti tikukondwera nanu limodzi. Ena onse amangosaina, kapena kuwonjezera mawu awiri atatu monga Alles Liebe kwa wozolowerana naye ndi Alles Gute kwa wina aliyense. Wophunzira Chijeremani asachite mantha ndi khadi yotereyi, chifukwa malo ake amakhala ochepa ndipo Alles Gute für euch drei, zabwino zonse kwa inu atatu, amakwana. Chiwerengerocho chisinthidwe ngati panyumbapo pali kale ana ena: vier ngati tsopano ali anayi, fünf ngati ali asanu.

Zimene zimasiyidwa mu uthenga n'zofunika mofanana ndi zimene zimalembedwa. Nkhani ya ntchito isalowemo. Funso lakuti abwerera liti, ngakhale litafunsidwa mwachikondi, limamveka ngati kukakamiza, makamaka likachokera kwa bwana, ndipo n'kulakwa kwakukulu kumata funso la mafayilo kumapeto kwa mafuno abwino. Mafunso okhudza mmene kubereka kunayendera, thupi la mayi kapena kuyamwitsa si a mnzako wa kuntchito. Malangizo a kaleredwe nawo amadikira mpaka atapemphedwa. Nthabwala ya kusagona usiku imapezeka pa makhadi ambiri ogulitsidwa m'masitolo, ndipo pakati pa anthu ozolowerana imadutsa, koma kwa munthu wa Sie ndi bwino kuisiya. Chithunzi cha mwana chimene makolo atumiza sichiyenera kutumizidwanso kwa ena popanda chilolezo.

Mawu a chipembedzo amafuna kulingalira. Kwa Amalawi ambiri n'chachibadwa kuthokoza Mulungu mwana akabadwa, ndipo m'Chijeremani mawu ake alipo: Gottes Segen, madalitso a Mulungu. Koma kuyambira 2022 anthu a m'mipingo iwiri ikuluikulu ya ku Jeremani, wa Katolika ndi wa Chiprotestanti, sakwananso theka la anthu onse a m'dzikolo, ndipo kuchigawo chakum'mawa ambiri alibe chipembedzo chilichonse. Kuntchito chikhulupiriro chimatengedwa ngati nkhani ya munthu payekha. Mawuwa amalandiridwa bwino kwa mnzako amene ukudziwa kuti amapemphera, kapena m'chipatala ndi m'bungwe la mpingo. Kwa ena onse, Gesundheit und Freude, thanzi ndi chimwemwe, amanyamula mtima womwewo popanda kumuika wolandira pa malo ovuta.

Kupita kukaona mwana kulinso ndi malire ake. Masabata 6 mpaka 8 oyamba amatchedwa Wochenbett, nthawi yoti mayi apume ndi kuchira, ndipo cholinga chake sichitalikirana ndi cha chikuta, ngakhale kutalika kwa nthawi ndi miyambo yake n'zosiyana. Anzake a kuntchito safika panyumba osaitanidwa. Kawirikawiri kholo ndi limene limabwera ndi mwana ku ofesi patapita masabata kapena miyezi kudzamuonetsa. Wofuna kusonyeza chidwi angalembe kuti Ich freue mich darauf, Mia kennenzulernen, kutanthauza kuti akuyembekezera mwachimwemwe kudzamudziwa Mia, ndipo tsiku lake amalisiya m'manja mwa makolo.

Pamakhalanso nthawi imene mwana wabadwa msanga kapena ali m'chipatala. Ngati makolo alengeza kubadwako, mafuno abwino amaperekedwabe, chifukwa mwanayo wabadwa ndipo makolo otere amamva kuwawa anthu akangokhala chete. Chimene chimasintha ndi chiganizo chachiwiri. M'malo mwa masiku okoma, wolemba amanena kuti Ich denke an euch und wünsche euch viel Kraft, ndikukuganizirani ndipo ndikukufunirani mphamvu zambiri. Mwaulemu ndi Ich denke an Sie und wünsche Ihnen viel Kraft. Mafunso a matenda amasiyidwa, ndipo makolo amanena okha zimene akufuna kunena.

Yankho la uthenga woyamikira limatha kuchedwa kapena osabwera, ndipo wolemba sayenera kukumbutsa. Ena amawonjezera mzere wakuti Du musst nicht antworten, sukuyenera kuyankha, pofuna kumupeputsira kholo lotopa. Mabanja ambiri amayankha onse pamodzi patapita masabata angapo, potumiza khadi yothokoza yokhala ndi chithunzi cha mwana, dzina lake, tsiku lobadwa, kulemera kwake m'magalamu ndi kutalika kwake m'masentimita, ndipo khadi imeneyi ndi imene imapachikidwa pa bolodi ya mu ofesi.